Nduna ikalamula, khoti limafunsa chiyani? Mawu a pa msonkhano wa ku Biriwiri

Anzathu nonse a pa gulu, awa ndi mawu omwe tinayankhula kwa achinyamata ku Biriwiri. Tawalemba kuti omwe muli ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Zomba ndi ku Mzuzu muwerenge nanu, ndipo mutumizire ena. Ndi ataliko, pepani, koma werengani mpaka pansi musanayambe mafunso.

Funso lomwe limabwera kawirikawiri pa gulu pano ndi lakuti, bwanji osangokamang'ala kukhoti? Ena amayankha kuti khoti ndi kutaya nthawi, tingopita pamsewu basi. Mbali zonse ziwirizi zimalankhula ngati khoti ndi munthu amene angakumvere chisoni kapena kukukana malinga ndi momwe wadzukira. Sizili choncho. Mukakasuma nduna ku Khoti Lalikulu, jaji sakufunsa ngati chiganizo cha ndunayo chili chabwino kapena choipa. Ali ndi mafunso ake ochepa, odziwika, ndipo mlandu umaima kapena kugwa pa mafunso amenewo. Tiyeni tiwaone kudzera mu mlandu umodzi womwe tonse timaukumbukira, wa m'bindikiro wa mu 2020.

Pa 14 Epulo 2020, Nduna ya Zaumoyo ya nthawi imeneyo, a Jappie Mhango, analengeza kuti dziko lonse lilowa m'bindikiro wa masiku 21 chifukwa cha kolona, kuyambira pakati pa usiku wa pa 18 Epulo mpaka pa 9 Meyi. Misika ikuluikulu itsekedwe, anthu asayende popanda chilolezo. Odwala oyamba atatu anali atapezeka pa 2 Epulo, ndipo matendawa anali enieni, palibe akutsutsa zimenezo. Koma taganizani tanthauzo lake kuno ku Biriwiri. Moyo wa pano uli pa msewu wa M1. Mayi amene amakhala m'mbali mwa msewu ndi ndowa ya mbatatesi, mnyamata wa kabaza, wopakira kabichi wopita ku Blantyre, wogulitsa tomato ku Lizulu kapena pa mphambano ya Tsangano, onsewa amadya madzulo zomwe apeza masana. Magalimoto akaima masiku 21, poto nayenso waima. Mavenda anachita zionetsero ku Mzuzu ndi ku Blantyre. Pa nthawi yomweyo anthu ena, pamodzi ndi bungwe la HRDC, anapita ku Khoti Lalikulu ku Lilongwe, mlandu womwe maloya amautchula kuti wa Kathumba. Pa 17 Epulo, kutatsala tsiku limodzi, Jaji Kenyatta Nyirenda anapereka chiletso, m'bindikiro sunayambe.

Apa pali poyamba posokonekera. Ambiri timaganiza kuti pa 17 Epulo khoti linagamula kuti nduna yalakwa. Ayi. Chiletso chija chinali cha masiku asanu ndi awiri, ndipo tanthauzo lake linali lakuti pali nkhani yoyenera kumvedwa, ndipo m'bindikiro ukayamba anthu apweteka kwambiri nkhaniyo isanamvedwe, ndiye zinthu zibaima kaye momwe zilili. Kenaka chiletsocho chinawonjezeredwa, nkhani inapita kwa majaji atatu omwe anakhala ngati khoti loona za malamulo aakulu a dziko, ndipo chigamulo chenicheni chinabwera mu Sepitembala 2020, boma litasintha kale. Tikamasangalala ndi chiletso tizidziwa kuti ndi kupumira panjira chabe. Chikhoza kuchotsedwa sabata yamawa.

Funso loyamba la khoti, lomwenso limapha ziganizo zambiri, ndi ili: mphamvu yochitira zimenezi mwaitenga kuti? Ife anthu wamba tikhoza kuchita chilichonse chomwe lamulo silinaletse. Nduna ndi mosemphana. Iyo ikhoza kuchita chokhacho chomwe lamulo laipatsa mphamvu yochita. Mbendera ya pa galimoto si mphamvu, kusankhidwa ndi Pulezidenti si mphamvu, maikolofoni a MBC si mphamvu. Payenera kukhala lamulo lopangidwa ndi Nyumba ya Malamulo, lokhala ndi dzina, ndi gawo lake lonena kuti nduna ikhoza kuchita chakuti, pa zifukwa zakuti, motsata njira yakuti.

A Mhango anali nalo lamulo lotsamira. Ndi lamulo la zaumoyo wa anthu la mu 1948, la nthawi ya atsamunda, lomwe gawo 31 lake limalola nduna kupanga malamulo ang'onoang'ono othana ndi mliri. Kumayambiriro kwa Epulo nduna inapangadi malamulo a kolona pansi pa gawo limeneli, ndipo m'malamulo ang'onoang'onowo inalembamo kuti nduna ikhoza kulengeza m'bindikiro. Mwaiona nkhaniyo? Nduna inadzilembera yokha mphamvu, kenaka n'kuigwiritsa ntchito. Ndiye funso linali lakuti, kodi mphamvu yaikulu chotere ikukwana mu thumba lomwe Nyumba ya Malamulo inapereka?

Majaji anati sikukwana, ndipo njira yomwe anadutsa ndi yofunika kuigwira bwino chifukwa idzatithandizanso. Gawo 58 la malamulo aakulu a dziko limalola aphungu kupatsa nduna mphamvu yopanga malamulo ang'onoang'ono, koma limaletsa kupereka mphamvu yomwe ingakhudze kwambiri ufulu wachibadwidwe wa anthu. Imeneyo aphungu ayenera kuigwira okha, pa mtsutso wapoyera. M'bindikiro unkakhudza ufulu woyenda, ufulu wosonkhana, ufulu wogwira ntchito ndi kupeza chakudya, osati pang'ono ayi, koma kuuimitsa kumene. Malamulo athu amasiyanitsa kuchepetsa ufulu ndi kuuimitsa. Kuchepetsa, pansi pa gawo 44, ndi kotheka tsiku lililonse, bola kukhale kolembedwa m'lamulo, kwanzeru, ndipo kusaphe mtima wa ufuluwo. Kuimitsa kuli ndi khomo limodzi lokha, gawo 45, pomwe Pulezidenti amalengeza kuti dziko lili pa ngozi yadzidzidzi, movomerezedwa ndi komiti ya aphungu yoona za chitetezo, kwa masiku osapyola 21 pokhapokha Nyumba ya Malamulo itawonjezera. Khomo limeneli boma silinadutsepo. Pa 20 Malichi a Peter Mutharika analengeza kuti dziko lagwa m'tsoka, koma kulengeza tsoka kumachokera ku lamulo lina, lothandiza kusonkhanitsa thandizo, ndipo sikutsegula chitseko cha gawo 45. Mwachidule, boma linkafuna mphamvu za nthawi ya ngozi popanda kudziika pansi pa maso a aphungu omwe amabwera ndi mphamvuzo. Khoti linakana.

Tikuchedwa dala pa funso loyambali chifukwa lili ndi nthambi zomwe anthu saziona. Nduna ikhoza kukhala nayo mphamvu koma n'kuigwiritsa ntchito pa cholinga china. Lamulo la zaumoyo ndi loteteza umoyo. Litagwiritsidwa ntchito pofuna kutseka misonkhano ya otsutsa, kumeneko ndi kupyola mphamvu ngakhale mawu a lamulo akuoneka ngati akulola. Mu 2020 ambiri ankakayikira zimenezi, poti chisankho chachibwereza chinali pakhomo. Koma kukayikira si umboni, ndipo cholinga chobisika n'chovuta kuchionetsa pamaso pa jaji. Nthambi ina ndi yakuti mphamvu ili ndi mwini wake. Ngati lamulo lati chiganizo chipangidwe ndi khonsolo, nduna singachipange m'malo mwake, ngakhale ili yaikulu kuposa khonsolo. Ndipo mawu olankhulidwa pa msonkhano wa ndale si lamulo. Mu 2002 a Bakili Muluzi analetsa zionetsero zonse zokhudza teremu yachitatu, polankhula pa nsanja, ndipo Khoti Lalikulu linagamula kuti chiletso chimenecho chinali chosemphana ndi malamulo a dziko. Ngati Pulezidenti sangalamulire dziko ndi pakamwa, nduna nanji.

Funso lachiwiri ndi lomwe timalikonda pa gulu pano, chifukwa limamveka ngati zomwe timalemba pa zikwangwani: chiganizochi n'chopanda nzeru. Tikuchenjezeni, apa ndi pomwe milandu yambiri imafera. Muyeso wake unachokera ku Mangalande, mu mlandu wa mu 1947 wa m'tauni ya Wednesbury. Khonsolo inalola nyumba yoonetsa kanema kutsegula Lamulungu, koma inati ana osakwana zaka 15 asalowe, ngakhale ali ndi makolo awo. Eni kanema anasuma kuti zimenezi n'zopanda nzeru, ndipo analuza. Khoti linati silingalowerere chifukwa chakuti ilo likanasankha mwina. Lingalowerere pokhapokha chiganizo chili chopanda mutu mwakuti palibe wolamulira wanzeru zake amene akanachipanga. Mpanda umenewu ndi wautali zedi. Tangoganizani, mu Epulo 2020 South Africa ndi Zimbabwe anali kale pa m'bindikiro. Loya wa boma akanangoloza kumeneko n'kunena kuti, kodi maiko onsewa ndi amisala?

Ndiye mfundo yamphamvu sinali yakuti m'bindikiro ndi misala. Inali yakuti nduna sinaganizire chinthu chomwe inayenera kuganizira: anthuwa adya chiyani? Panalibe dongosolo looneka lothandiza osauka pa tsiku lomwe m'bindikiro unalengezedwa. Ndalama za K35,000 pa mwezi za mabanja a m'mizinda boma linazilengeza kumapeto kwa Epulo, chiletso chitagwa kale. Majaji atatu aja anaigwira mfundoyi, kuti kutsekera anthu m'nyumba popanda chowathandiza kumaika pachiswe ufulu wa moyo weniweniwo. Ife tikuona kuti apa pali phunziro la kalembedwe ka madandaulo athu. Mawu akuti “nduna ndi yankhanza” khoti lilibe nawo ntchito. Mawu akuti “nduna sinawerenge kuti mabanja angati amadalira msikawu, ndipo sinanene kuti apite kuti” ndi mfundo yomwe boma liyenera kuyankha ndi mapepala.

Komanso ife a ku Malawi tili ndi chida chomwe Angerezi a mu 1947 analibe. Gawo 43 la malamulo aakulu a dziko limati munthu aliyense amene ufulu wake, zofuna zake kapena chiyembekezo chake chovomerezeka chakhudzidwa ndi chiganizo cha boma, ali ndi ufulu woti chiganizocho chikhale chotsata lamulo, chopangidwa mwachilungamo, ndi chogwirizana ndi zifukwa zomwe zaperekedwa. Ndipo zifukwazo azilandire zolembedwa. Gwirani mawu amenewo, zolembedwa. Nduna ikangolemba zifukwa, yadzimanga yokha, chifukwa tsopano jaji akhoza kuika chiganizo mbali ino, zifukwa mbali inayo, n'kuona ngati zikugwirana. Ikakana kulemba, yaphwanya gawo 43 pompo. Pa magawo onse a konsitityushoni, ili ndi lomwe tikanakonda aliyense pa gulu pano alidziwe pamtima.

Gawo 43 lomweli likutifikitsa pa funso lachitatu, la njira yomwe chiganizo chadutsa. Mwambo wake ndi womwe agogo athu amaudziwa pa bwalo la amfumu: munthu saweruzidwa asanamvedwe, ndipo mwini mlandu sakhala woweruza. Tipange chitsanzo, ndipo tikunenetsa kuti n'chongopeka, pasapezeke wina wotumiza kuti zachitika. Tinene kuti nduna ina yalamula kuti onse ogulitsa m'mbali mwa msewu pa Biriwiri achoke pasanathe masiku asanu ndi awiri, ati chifukwa cha ngozi za pamsewu ndi katundu wozembetsedwa kuchokera ku Mozambique. Ena mwa anthuwa akhala akudula tikiti ya khonsolo tsiku ndi tsiku kwa zaka. Tingafunse chiyani? Kodi anauzidwa chiganizo chisanapangidwe kapena chitapangidwa kale? Anapatsidwa nthawi yokwanira yoyankha? Anauzidwa zomwe akuwaneneza kuti athe kuzitsutsa? Ngati khonsolo inkakambirana ndi komiti ya msika nthawi zonse isanasinthe malo, kapena ngati akuluakulu analonjeza poyera kuti palibe achoke msika watsopano usanamangidwe, anthuwo ali ndi chiyembekezo chovomerezeka choti amvedwe kaye. Msonkhano woitanidwa magalimoto a polisi atafika kale si kumva anthu, ndi kuwadziwitsa.

Koma pali malire awiri omwe tisabisane. Oyamba, ufulu womvedwa ndi wamphamvu pamene chiganizo chikukhudza anthu odziwika, monga wolandidwa laisensi, wochotsedwa ntchito, gulu la mavenda a malo amodzi. Pamene nduna ikupanga lamulo la dziko lonse, palibe khoti lingati imve munthu aliyense payekha, n'chifukwa chake mlandu wa m'bindikiro unatsamira kwambiri pa funso la mphamvu. Achiwiri akukhudza Biriwiri mwachindunji, poti pano ndi pa chipata cha dziko. Mafunso atatu omwe tikukambawa anasanjidwa motere mu 1984 ndi jaji wa ku Britain, Lord Diplock, mu mlandu wa ogwira ntchito ku GCHQ, likulu la ukazitape womvetsera mauthenga. Boma la mayi Margaret Thatcher linawaletsa kukhala m'mabungwe a ogwira ntchito popanda kukambirana nawo. Khoti linavomera kuti anali ndi chiyembekezo choti afunsidwe, poti ndi momwe zinkachitikira kale, komabe analuza, chifukwa boma linati ndi nkhani ya chitetezo cha dziko. Mawu amenewo majaji amawaopa. Pa malire ngati pano, dziwani kuti loya wa boma adzawatulutsa m'mawa mwake. Yankho lathu lidzakhala kupempha umboni: chitetezo chake chiti, ndipo chikugwirizana bwanji ndi mayi wogulitsa mbatatesi?

Tsopano za kachitidwe, mwachangu. Khoti la majisitireti pa boma pa Ntcheu silingamve nkhani yotere. Mphamvu younika zochita za boma ili ndi Khoti Lalikulu, pansi pa gawo 108, ndiye ulendo ndi wa ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Zomba kapena ku Mzuzu. Malamulo a kayendetsedwe ka milandu a mu 2017 amapereka miyezi itatu kuchokera pa tsiku la chiganizo. Khoti likhoza kuwonjezera nthawi, koma musadalire zimenezo, ndipo ngati mukufuna chiletso, masiku owerengeka okha ochedwa amakupwetekani. Anthu a mlandu wa Kathumba anali kukhoti pasanathe masiku atatu chilengezereni. Choyamba mumapempha chilolezo kwa jaji, ndipo iye amaona ngati nkhani ikukukhudzani mokwanira ndi ngati panali njira ina yodandaulira yomwe simunaiyese. N'chifukwa chake osuma abwino ndi eni ake okhudzidwa, mwini benchi, mwini njinga, osati ife ongowamvera chisoni tili ku Area 25. Gulu likhoza kuima nawo, kusonkha ya thiransipoti, kusaka loya kapena kugogoda ku Legal Aid Bureau, koma maina a pa pepala akhale a anthu omwe chiganizo chawagunda. Ndipo awuzidwe zoona asanasaine, kuti woluza akhoza kulamulidwa kulipira ndalama zomwe mbali inayo yawononga.

Umboni wa milandu yotere ndi mapepala ndi malumbiro olembedwa, si mboni zolira m'bokosi. Tsiku lomwe chiganizo chamveka, wina ajambule chikalatacho, wina asunge mawu a nduna monga anamvekera pa wailesi pamodzi ndi tsiku ndi ola, wina atolere matikiti a msika ndi makalata akale a khonsolo. Tsiku lomwelo kalata ipite ku unduna, yaifupi, yaulemu, yofunsa zinthu ziwiri: mwagwiritsa ntchito lamulo liti ndi gawo liti, ndipo tipatseni zifukwa zolembedwa monga likunenera gawo 43. Kope yanu idindidwe chidindo cholandirira. Akapanda kuyankha, chete ameneyo nayenso ndi umboni.

Wina ku Biriwiri anafunsa kuti, tikapambana, ndiye kuti zatha? Ayi, akulu. Khoti likaphwasula chiganizo, nkhani imabwerera kwa nduna yomweyo. Ngati cholakwa chinali kusamva anthu, ikhoza kuwaitana, kuwamva, n'kupanganso chiganizo chomwecho, ulendo uno mosaphonya. Ngati cholakwa chinali kusowa mphamvu, boma likhoza kupita kwa aphungu kukapempha mphamvuyo. Mu Ogasiti 2020, chigamulo chachikulu chisanatuluke n'komwe, nduna yatsopano ya zaumoyo, mayi Khumbize Kandodo Chiponda, inatulutsa malamulo ena a kolona okhudza mamasiki ndi kuchuluka kwa anthu pa misonkhano. Chomwe khoti linapereka mu Epulo chinali nthawi, ndi kukakamiza boma kuyankha funso la chakudya lomwe linkalizemba. Nthawi imeneyo ndi yomwe gulu ngati lathu liyenera kuigwiritsa ntchito kwa phungu, kwa khansala, pa wailesi ndi pamsewu, motsata chidziwitso cha zionetsero kwa bwanamkubwa monga mwa masiku onse.

Chitsanzo cha kalata yopempha zifukwa titumiza pa gulu pano mawa madzulo, m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Oimira madera, aliyense asankhe munthu mmodzi wosunga mapepala ndipo dzina lake lifike kwa alembi pofika Loweruka. A ku Biriwiri, a ku Lizulu ndi a pa boma, yambani ndi matikiti a msika ndi makalata alionse a khonsolo omwe makomiti anu akusunga, ngakhale ong'ambika.